Bilu ya kuchipatala si ya kulipira mutatsinzina

Ana anga, khalidwe ili lindinyansa. Munthu yemweyo amene amatha mphindi khumi akunenerera mulu wa tomato pamsika, akampatsa bilu ya kuchipatala cholipira amangoyang'ana nambala yapansi, n'kupukusa mutu, n'kulipira. Ena amakakongola katapira kuti alipire pepala limene sanaliwerenge. Mukawafunsa, ati timachita manyazi, atithandiza kale. Manyazi otani pa ndalama yanu? Akulu anati safunsa anadya phula.

Mwezi wathawu mwana wa mchemwali wanga anagonekedwa ndi malungo aakulu pachipatala china cholipira. Analowa Lolemba madzulo, anatuluka Lachinayi m'mawa. Mwamuna wake anabwera ndi kalisiti ka mzere umodzi, ndalama zonse pamodzi, foni ili kale m'manja kuti atumize. Ndinamugwira dzanja. Ndinati bambo, bwererani pawindo mukapemphe bilu yatsatanetsatane, yoonetsa tsiku, dzina la chinthu, kuchuluka kwake ndi mtengo wa chimodzi. Anabwera ndi mapepala awiri, tinakhala pabenchi, cholembera m'manja.

Tinayamba ndi bedi. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu: usiku utatu. Papepala panali masiku 4, lililonse K45,000. Apa funsani kaye kuti amawerenga bwanji, chifukwa zipatala zina zili ndi ola lotulukira, mukapitirira amawonjezera tsiku. Ife dokotala anatitulutsa dzuwa lisanakwere, ndipo nthawiyo inalembedwa mufayilo. Kalaliki anayang'ana, nachotsa tsiku limodzi.

Kenako mkamwiniyo, mtima utamukwera, analoza mzere wa jakisoni wa atesuneti, mankhwala a malungo aakulu. Pamene palembedwa Qty, kutanthauza kuchuluka kwake, panali 6. Iye ati mkazi wanga anamubaya katatu kokha, ndinali pompo, apa atibera! Ndinamuletsa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, inu othamangira kukuwa. Mankhwalawa amapatsa molingana ndi kulemera kwa wodwala, mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse. Mwanayo amalemera makilogalamu 50, ndiye pa jakisoni mmodzi pamafunika mamiligalamu 120. Kabotolo kamene anagwiritsa ntchito ndi ka mamiligalamu 60, kutanthauza timabotolo tiwiri nthawi iliyonse. Amabaya poyamba, pakatha maola 12, ndiponso pakakwana maola 24. Katatu, tiwiritiwiri, ndi 6 yemweyo. Panalibe cholakwika. Akanapita kukatukwana namwino amene anachezera usiku ndi mkazi wake, manyazi enieni akanakhala amenewo.

Kubwereza kwenikweni kunali patsamba lachiwiri. Kuyeza magazi kumene amalemba FBC kunaoneka kawiri, tsiku limodzi, Lachiwiri, K18,000 mzere uliwonse. Dokotala akhoza kuyezetsa magazi kawiri, makamaka pa malungo pamene magazi amachepa msanga, choncho kuona mizere iwiri si umboni ayi. Umboni ndi zotsatira. Kuyeza kuwiri kumabala mapepala awiri a ku labu, okhala ndi nthawi zosiyana. Tinapempha sisitala wa muwodi atsegule fayilo, munali pepala limodzi. Zinapezeka kuti a ku labu analowetsa mukompyuta, a kuwodi nawonso analowetsa. Si kuba kumeneko, ndi manja ambiri pa bilu imodzi, koma ndalama yotuluka ikanakhala yathu.

Mzere umene ndimadana nawo ndi uja wongoti Sundries kapena Consumables, thumba lotayamo chilichonse. Wathu unali K27,000, pamene magolovesi, masilinji ndi kanyula zinali zitalembedwa kale pazokha pamwamba. Tinafunsa mwaulemu kuti m'thumbamo muli chiyani. Anatchula thonje, pulasitala ndi sipiriti, koma magolovesi anatulukiranso momwemo, ndipo anachotsa K9,000.

Dipoziti ya K100,000 imene tinalipira polowa anali ataichotsera bwinobwino. Ndinaonetsetsa chifukwa lisiti yake ndinaisunga m'buku la kuchipatala. Inu malisiti mumakulungira mtedza.

Zonse pamodzi zinatsika ndi K72,000, ndipo sitinachoke ndi lonjezo lapakamwa. Tinadikira bilu yatsopano yosindikizidwa, yodindidwa, kenako n'kulipira.

Inu a sikimu ya zachipatala ndiye mwanyanya. Mumasaina fomu yopanda kanthu n'kumati ilipira ndi sikimu. Sikimu ili ndi malire a pachaka, ndipo chilichonse cholembedwa kawiri chikudya malire anuwo, kapena chikubwererani ngati shotifo yoti mulipire nokha.

Wodikirira odwala asamangonyamula fulasiki ndi chitenje. Akhale ndi kope, azilemba tsiku lililonse: madiripi angati apachikidwa, magazi atengedwa kangati, dokotala wabwera liti. Tsiku lotuluka mutu umakhala utatopa, simungakumbukire diripi ya Lachiwiri usiku. Kope lathu linali la mwana wa Sitandade 4, lotsala masamba atatu, ndipo linakwanira.