Chenjezo kwa inu amene mumakumbukira voti tsiku la chisankho litafika

Ana athu, khalani pansi mumve. Chisankho chilichonse timaona anthu atadzuka m'mamawa, kusamba, kukaima pamzere dzuwa likuswa mtengo, kenako n'kubwezedwa chifukwa dzina lawo mulibe m'kaundula. Akatero amayamba kukalipira ogwira ntchito pamalopo, ati akuwabera. Nthawi zambiri palibe amene wawabera. Voti yawo inatayika miyezi yambiri m'mbuyomo, pamene a kalembera anali pasukulu yapafupi iwo ali pabawo kapena akuti ndipita mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Sitikukuuzani munthu woti mumuvotere, zimenezo ndi za inu ndi mtima wanu. Tikudzudzula kutayirira.

Nkhani imayambira pa chiphaso cha unzika cha ku NRB, bungwe la boma lolemba nzika. Malamulo a zisankho a chaka cha 2023 amafuna kuti wolembetsa aonetse umboni woti analembedwa ndi NRB. Masiku opita ndi kalata ya amfumu kapena laisensi ya galimoto n'kulembedwa mavoti anapita. Chiphasochi munthu amachilembetsa akakwanitsa zaka 16, ndipo sichituluka tsiku lomwelo, chimatenga nthawi. Nanga inu makolo, mwana wanu wa zaka 16 kapena 17 mukudikira chiyani osamutuma? Mukamusiya mpaka kalembera wa mavoti atayamba, adzapeza khamu la anzake ozengereza likukanganirana pakhomo limodzi. Ndipo chiphaso chikatuluka kachitengeni, musachisiye chikuchita fumbi ku ofesi.

Woyenera kuvota ndi wa zaka 18 kapena kupitirira. Pano achinyamata ambiri amadzimana okha chifukwa chosafunsa. Zaka zimawerengedwa pofika tsiku loponya voti, osati tsiku la kalembera. Mtsikana wa zaka 17 amene adzakwanitse 18 tsiku lovota lisanafike, kapena pa tsiku lomwelo, ali ndi ufulu wolembetsa. Musamuuze kuti akadali mwana.

Cholakwika china ndi cha akuluakulu. Munthu amasunga chiphaso chovotera m'sutikesi zaka zisanu n'kumati ine ndinalembetsa kale. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linalemba anthu mwatsopano mu 2018 pokonzekera chisankho cha 2019, ndipo linalembanso mwatsopano kumapeto kwa 2024 pokonzekera chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Amene anadalira chiphaso chakale anatsala. Kalembera wa 2024 anayenda m'magawo atatu, gawo lililonse maboma ake, kwa masabata awiri. Masabata awiri si nthawi yaitali kwa munthu amene ali ndi dimba, maliro ndi msika. Choncho MEC ikalengeza pa wailesi kapena kudzera mwa amfumu, funsani masiku a boma lanu, pitani masiku oyambirira. Pitani nokha, chifukwa amakujambulani. Palibe kulembetsa m'malo mwa mkazi kapena agogo. Akakupatsani chiphaso chovotera musangochipinda n'kuthamanga. Werengani dzina pomwepo, onani dzina la malo ovotera, ndipo ngati simutha kuwerenga pemphani wina akuwerengereni.

Tsopano pali nkhani ya malo, imene imagwetsa anthu ochuluka, ngakhale ophunzira. Mumavota pamalo pamene munalembetsa, osati paliponse pamene mwapezeka. Lamulo limalola kulembetsa kumene mumakhala, kumene munabadwira, kapena kumene mumagwira ntchito kapena kuchita bizinesi, koma malo amodzi okha. Tiyerekeze mnyamata wa ku Mulanje amene akugwira ntchito ya ulonda ku Lilongwe. Kalembera atafika analembetsa pasukulu ina ku Kawale. Patapita miyezi itatu ntchito inatha, iye n'kubwerera kumudzi. Tsiku lovota akupita pasukulu ya kwawo, chiphaso chili m'manja, chithunzi chake chomwe. Adzabwezedwa. Dzina lake lili m'kaundula wa ku Kawale, ndipo phungu ndi khansala amene iye analembetsera kusankha ndi a dera la ku Kawale. Mnyamatayu anali ndi njira ziwiri. Akanatha kusamutsa dzina lake nthawi imene MEC imatsegula mwayi wosamutsa, popita yekha ndi chiphaso chake pamalo atsopanowo. Apo ayi, akanasunga ndalama ya basi yobwerera ku Lilongwe. Chimene sayenera kuchita ndi kulembetsanso kachiwiri ku Mulanje. Kulembetsa kawiri ndi mlandu, ndipo popeza nambala ya chiphaso cha unzika ndi imodzi, kugwidwa sikuvuta.

Izi zikukhudzanso ana asukulu zogonera komweko ndi a m'makoleji, amene amalembetsa kusukulu koma tsiku lovota n'kuwapeza ali kwawo. Musanalembetse dzifunseni kuti mwezi wovotawo ndidzakhala kuti. Abale athu a ku Joni ndi maiko ena nawo adziwe kuti kulembetsa ndi kuvota zimachitikira kuno kumudzi, munthu ali pomwepo.

Kalembera akatha imabwera nthawi yoona maina m'kaundula, ndipo apa ndi pomwe ulesi umaonekera, chifukwa malo amakhala pululu. Anthu amati ndili ndi chiphaso, ndikaonenso chiyani? Makina amagwiritsidwa ntchito ndi anthu, ndipo anthu amalakwitsa. Dzina likhoza kusowa kapena kupezeka pamalo ena. Cholakwika choonedwa nthawi imeneyi chimakonzedwa. Choonedwa tsiku lovota chimangobala phokoso. Ngati chiphaso chovotera chinatayika kapena kunyowa, kanenereni nthawi yomweyi. Koma inu amene mumapereka chiphaso chanu kwa munthu wobwera ndi sopo, nsalu kapena kandalama, ati akulembereni nambala kuti mudzalandire thandizo, mutichititsa manyazi. Chiphasocho ndi chanu, wina aliyense alibe nacho ntchito.

Tsiku lovota ndi losavuta kwa amene anakonzeka. Mu 2025 malo ovotera ankatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 4 koloko madzulo, osati 6 koloko monga tinazolowera kale. Wopita kumunda kaye n'kumati ndikavota dzuwa likapendeka akhoza kupeza atatseka. Siyani kunyumba zovala za chipani, misonkhano yokopa anthu imakhala itatha. Okalamba, amayi oyembekezera ndi aulumali apatseni mpata atsogole.

Pa chisankho chachikulu mumavota patatu: pulezidenti, phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi khansala. Pa pepala lililonse chongani kapena dindani chala m'kabokosi kamodzi kokha, moyang'anizana ndi amene mwamufuna. Mukachonga awiri, voti yawonongeka. Musalembepo dzina lanu kapena mawu achipongwe kwa amene simumufuna. Odinda ndi chala, pukutani inki musanapinde pepala, kuti isadetse kabokosi ka munthu wina n'kusokoneza owerenga. Ndipo musapeputse pepala la khansala. Munali mawodi 509 ndi madera a aphungu 229 pa chisankho cha 2025, ndipo m'wodi anthu ovota ndi ochepa, moti mavoti owerengeka a m'mudzi umodzi akhoza kusintha wopambana.

Dziwaninso kuti chichokereni chigamulo cha khoti cha mu 2020, wopambana pa upulezidenti amayenera kupeza mavoti opitirira theka la mavoti ovomerezeka. Popanda wofikapo, awiri otsogola amapikisananso. Choncho mukachoka povotera musataye chiphaso chija. Chisungeni pouma, limodzi ndi chiphaso cha unzika, chifukwa chikhoza kufunikanso pa chisankho chachibwereza, kapena pa chisankho chapadera ngati mpando wa phungu kapena khansala wa dera lanu utakhala wopanda munthu.