Wokudyera ndalama sangakhalenso woweruza mlandu wako

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mlamu wanga anatumiza K120,000 ya fizi ya mwana kuchokera pafoni kupita ku akaunti ya sukulu kubanki. Pafoni ndalama inachoka, meseji inabwera. Kusukulu akuti sanaone kanthu. Waimba foni kanayi, wapita ku ofesi ya kampani yotumizira ndalama pafoniyo kawiri, ndipo yankho lomaliza ndi lakuti "kwathu zinatheka, nkhani tatseka". Kubanki nawo akuti kafunseni kumene munatumizira. Mwana wakhala pakhomo sabata yathunthu.

Koma chandiwawa kwambiri si kampaniyo ayi. Ndi abale amene akumuuza kuti "zisiyeni alamu, poti eni ake akana". Eni ake ati? Eni ndalama ndi mlamu wanga! Kuyambira liti woimbidwa mlandu n'kukhala yemweyo wogamula? Mbuzi yako ikadya chimanga cha mnzako, sunena wekha kuti nkhani yatha. Mumapita kwa amfumu.

Kampani ikakana dandaulo lako, yangonena mbali yake basi. Sichigamulo chimenecho. Pamwamba pake pali amene anaipatsa chiphaso, ndipo pa nkhani za ndalama, kaya za kubanki, za inshuwalansi kapena zotumiza pafoni, ameneyo ndi Reserve Bank of Malawi. Lamulo la 2010 loyang'anira mabungwe a zachuma linaika Gavanala wa bankiyi kukhala mkulu woyang'anira mabungwe amenewa, ndipo madandaulo a makasitomala amalandiridwa kumeneko. Maofesi a bankiyi ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Simufunika loya. Kalata yanuyanu, m'mawu anuanu.

Ena akuti pitani ku MACRA poti ndi za pafoni. Safunsa anadya phula. MACRA ndi ya netiweki, mayunitsi odyedwa, bandulo yotha usanaigwiritse ntchito. Ndalama ikasowa m'njira, khomo ndi la Reserve Bank. Enanso akuti kwa Ombudsman, koma uko n'kokadandaula za maofesi a boma ndi mabungwe ake. Ukagogoda khomo lolakwika umangotaya masabata, kenako n'kumati "m'Malawi muno palibe chimayenda".

Tsono apa ndi pamene timagwera ambiri. Funso loyamba limene mudzafunsidwe ndi lakuti, kodi munayamba mwadandaula kukampaniko? Umboni uli kuti? Mlamu wanga anaimba kanayi koma analibe ngakhale nambala imodzi ya dandaulo. Zonse zapakamwa. Wina wa ku kasitomala keya akakuuza pafoni kuti "tatseka", mawuwo apita ndi mphepo. N'chifukwa chake Lolemba tinabwererako ndi kalata, makope awiri. Imodzi tinasiya, inayo anatidindira chidindo cha tsikulo, ndipo tinapempha kuti kukana kwawoko atilembere. Nkhope zinasintha pomwepo. Munthu amakana mosavuta ndi pakamwa, koma ukati "lembani, musaine", cholembera chimalemera.

M'kalata yopita ku Reserve Bank taikamo zochepa: tsiku ndi nthawi imene ndalama inachoka, kuchuluka kwake, nambala yaitali ija ya mu meseji, akaunti imene inkapita, sitetimenti ya pafoni, kalata ya kusukulu yonena kuti sanalandire, ndi kope yodindidwa ija. Pamapeto chiganizo chimodzi chonena chimene tikufuna: K120,000 ifike kusukulu kapena ibwerere pafoni. Osati masamba atatu otukwana. Kutukwanako ndikuchitira pano.

Ndisakunamizeni, si dandaulo lililonse limene mungapambane. Ngati munalakwitsa nokha nambala, kapena munapereka nambala yanu yachinsinsi kwa wakuba woimba foni, nkhani imakhala yolimba. Koma ngakhale pamenepo, aneneyo akhale wapakati, osati kampani imene ndalama yasowera m'manja mwake. Makampaniwa amadziwa kuti ambirife timatopa pa ulendo wachiwiri, ndiye adzivutitsirenji?

Mlandu suwola, anatero akuluakulu. Koma meseji imafufutika, foni imabedwa. Mlamu wanga anatsala pang'ono kufufuta meseji ija kuti apeze malo a zithunzi za ukwati. Ndiye mukamati "Mulungu akudziwa" muzidziwanso kuti fizi sadikira.

Ndipo inu a makampani, bwanji simuuza munthu pomukanapo kuti akhoza kupita kwina? Chikwangwani cha mpikisano wopata galimoto ndi chachikulu ngati khoma, koma chonena kokadandaula ukachipeza n'kapepala kobisika kuseri kwa chitseko. Foni yanu ya madandaulo nayo, mphindi makumi awiri ndikumvera kanyimbo komweko, kenako yaduka yokha.