Khadi ya malipiro anu musamayiyike pa intaneti

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mng'ono wanga, mphunzitsi wokhala ku Matawale, wandiyimbira m'mawa uno akulira kuti K215,000 yachoka mu akaunti yake usiku iye ali m'tulo. Khadi ili m'chikwama mwake, PIN sanauze munthu. Chomwe anachita n'kugula mahedifoni a K35,000 pa webusayiti ina yakunja mwezi watha, pogwiritsa ntchito khadi yomwe amalandirira malipiro. Basi.

Abale, pa intaneti wakuba safuna PIN yanu. Amafuna zinthu zitatu zokha: manambala 16 a pakhadi, mwezi ndi chaka chomwe khadiyo idzathere ntchito, ndi timanambala titatu takumbuyo totchedwa CVV. Zonsezi mumalemba nokha ndi zala zanu pogula. Webusayitiyo ikakhala yabodza, kapena ikathyoledwa ndi akuba, manambalawo apita. Ndipo si mawebusayiti onse amene amafunsa OTP, nambala yachinsinsi yomwe banki imatumiza pafoni kuti mutsimikize kugula, ena amangodula ndalama foni yanu ili phee.

Nanga n'chifukwa chiyani mukupereka manambala a khadi yomwe imatsegula ndalama zanu zonse? Ya lendi, ya fizi, ya fetereza, zonse zili kuseri kwa manambala omwewo. Kuli ngati kupatsa wogulitsa tomato kiyi wa nyumba kuti akadzitengere yekha ndalama ya mulu umodzi.

Pali khadi ina yosakhala ya pulasitiki. Imangokhala m'foni, mu pulogalamu ya banki kapena ya ndalama za pafoni, ndipo nthawi zambiri pamalembedwa Virtual Card. Ili ndi manambala akeake, tsiku lakelake, CVV yakeyake, ndipo wogulitsa amayilandira ngati Visa kapena Mastercard ina iliyonse. Manambala a khadi yanu yeniyeni sawaona n'komwe.

Onani momwe zikanakhalira kwa mng'ono wangayu. Mahedifoni ndi K35,000. Akanayika pa khadi ya m'foniyo K38,000, yapamwambayo kuti ikwanire kusintha kwa mtengo wa dola ndi kandalama komwe banki imadula. Walipira, patsala mwina K2,000. Wakuba uja anayamba ndi kudula K1,500 pofuna kuona ngati khadi ili moyo, ndipo uthenga wa kubanki mng'ono wangayo anauona koma anaganiza kuti ndi zodula za banki. Kenako anadula K120,000, n'kubwereza K95,000. Pa khadi yokhala ndi K2,000 zikuluzikulu ziwirizo zikanakanidwa. Wakuba sangatenge ndalama yomwe palibe. Sangatenge!

Ndipo mng'ono wangayu akangogula akanayimitsa khadiyo pafoni pomwepo, ngakhale K1,500 ija sikanachoka. Ikaoneka kuti yadziwika, mumayifufuta n'kupanga ina muli pampando. Yapulasitiki ikatsekedwa ndiye mukwere kabaza kupita m'tauni, muyime pamzere, mulembe mafomu, mudikire yatsopano, uku khadi yotapira ndalama pa ATM mulibe. Ndi zimene akuchita mng'ono wanga lero m'malo mokhala m'kalasi.

Chenjerani pa chinthu chimodzi: makhadi ena a m'foni sakhala ndi thumba lawolawo, amatapa molunjika mu akaunti kapena mu ndalama zanu za pafoni. Yotereyo yikireni malire a ndalama zomwe ingatulutse, ndipo muziyimitsa mukamaliza kugula. Malire akasowa, muzisunga ndalama zochepa komwe ikutapako. Apo ayi mwangosintha manambala, khomo likadali pululu.

Sindikunena kuti ndi mankhwala a zonse. Mukalipira munthu wabodza amene satumiza katundu, K35,000 yanu yapita ndithu, koma yapita yokhayo, malipiro a mwezi ali pomwepo. Wina akakuyimbirani kuti ndi wa kubanki inu n'kumuwerengera OTP, palibe khadi yomwe ingakupulumutseni. Komanso musathamangire kufufuta khadi katundu asanafike, chifukwa wogulitsa akamabweza ndalama amabwezera pa manambala omwe munalipirira, ndipo kuzilondola khadi itafufutidwa kumavuta. Ingoyimitsani kaye.

Ena amati mabanki satiphunzitsa. Mwina. Koma ndalamazo ndi zanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Khadi yolandirira malipiro ndi ya pa ATM ndi m'sitolo momwe mukuyiona ndi maso, pa intaneti ayi.

Ndiye pali inu amene mumajambula khadi kutsogolo ndi kumbuyo n'kutumiza pa WhatsApp kwa mnyamata woti akuyitanitsireni katundu kapena akulipirireni fomu ya sukulu. Chithunzicho chimakhalabe m'foni mwake miyezi ndi miyezi. Foniyo akabwereka mnzake? Akagulitsa? Ikabedwa pa depoti? Mpaka ophunzira a ku yunivesite, anthu owerenga, akuchita zomwezi ku Chikanda kuno. Mukuganiza bwanji kodi?