Musasunge ndalama zanu mu simenti

Anthu ambiri amene tikumanga pang'onopang'ono tili ndi chizolowezi chimodzi chomwe ine sindigwirizana nacho. Tikangopeza kandalama timathamangira ku hadiweya kukagula simenti wambiri, ati tisunge asanakwere mtengo. Mantha ake ndi omveka, tonse tinaona mmene mitengo inadumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma pa zipangizo zonse zomangira nyumba, simenti ndiye sayenera kugonekedwa. Malata, zitsulo, njerwa, kwale, zonsezi zikhoza kukudikirani chaka. Simenti amayamba kutha mphamvu tsiku lomwe wapakiridwa m'thumba kufakitale.

Simenti sauma chifukwa cha dzuwa kapena mphepo ngati mmene limaumira dothi. Amalimba chifukwa chokumana ndi madzi, ndipo akalimba walimbiratu, sabwereranso. Vuto ndi lakuti sasankha madzi ake. Chinyontho cha mumpweya, chinyontho chochokera pansi, thukuta la khoma lomwe langopakidwa pulasitala, zonsezi amayamwa pang'onopang'ono kudzera m'thumba lomwelo. N'chifukwa chake munthu amadabwa kuti, "Komatu mvula sinalowe m'nyumba muno," pamene matumba apansi asanduka miyala. Mvula siichita kufunika kulowa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mpweya weniweniwo umakhala wonyowa, ndipo kwa anzathu a ku Nkhata Bay, Mulanje ndi Thyolo, chiperoni cha Juni ndi Julaye chimapitiriza ntchito yomweyo.

Nthawi yabwino yogwiritsa ntchito simenti ndi mkati mwa miyezi 3 kuchokera tsiku lomwe anapangidwa, osati tsiku lomwe munagula. Ngati thumba lili ndi deti, liwerengeni musanakweze m'galimoto, chifukwa mwina wagona kale miyezi iwiri m'shopu. Ziwerengero zomwe amisiri ophunzira amayendera ndi zakuti simenti wa m'matumba amataya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zake pakatha miyezi 3, pafupifupi 30 peresenti pa miyezi 6, ndipo pakatha chaka amakhala atataya pafupifupi 40 peresenti. Izi ndi zongoyerekeza, malo ouma bwino amataya zochepa, malo achinyontho amaposa pamenepo.

Tiyerekeze kuti mwagula matumba 100 a makilogalamu 50 mu Okutobala. Mmisiri wagwiritsa ntchito 40 pa fawundeshoni, ndalama zolipira aganyu zatha, mvula yayamba, ntchito yaima. Matumba 60 mwawaunjika pa simenti ya pansi m'chipinda chimodzi, motsamira khoma. Mukubwerera mu Meyi. Ngati munasanja milu 6 ya matumba khumikhumi, matumba 6 apansi mudzawapeza atauma mbali yomwe inagunda pansi, ndipo otsamira khoma adzakhala ndi ngodya zolimba. Otsalawo, ngakhale akuoneka bwino, ali ndi miyezi yoposa 7. Mmisiri wanzeru adzayamba kuwonjezera simenti pa kasakanizidwe kalikonse kuti zigwire, ndiye pomwe pamafunika matumba atatu pakulowa anayi. Phindu lomwe mumati mwapeza pothawa kukwera kwa mtengo lathera pomwepo. Mmisiri wosasamala sadzawonjezera kanthu, adzangosakaniza mwa nthawi zonse, inu mudzazindikira pakatha chaka pulasitala akamayoyoka mukamukhudza ndi chala.

Tsono nkhani ya mibulu, pomwe eni nyumba ndi amisiri amakanganirana kwambiri. Si mbulu uliwonse womwe ukutanthauza kuti simenti wafa. Thumba lomwe linali pansi pa mulu wautali limatha kuoneka lolimba gwa chifukwa chongopsinjika ndi anzake. Loterolo mukaligubuduza pansi kawiri katatu limamasuka, mukatsegula mupeza simenti wosalala ngati ufa woyera, wozizirira mukapisamo dzanja. Ameneyo alibe vuto. Mibulu ya chinyontho ndi ina. Tengani umodzi, muufinye pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Ukaphwanyika n'kubwerera kukhala fumbi, simentiyo akadali ndi moyo ngakhale wafookako. Ukakana, kapena ukasweka n'kukhala timiyala tokhakhala, mbulu umenewo unamwa kale madzi ndipo ntchito yake inatha.

Chomwe chimandipweteka ndi kuona anyamata pa saiti atakhala pansi ndi hamala, akuphwanya mibulu yolimbayo kuti ibwerere m'thumba, abwana asadandaule. Mbulu wotero ngakhale muusinje bwanji sudzagwiranso. Mukauthira mu konkire mwangowonjezera mchenga, kwinaku mukuwerenga kuti mwathira simenti. Choyenera ndi kusefa ndi sefa wa waya wamaso ang'onoang'ono popanda kukanikiza, zotsala pamwamba mutaye kapena mukwirire nazo dzenje. Wodutsa m'sefayo muyeseni kaye: sakanizani pang'ono ndi madzi ochepa kuti akhale phala lolimba, muumbe kachitumbuwa kakang'ono pa mbale, muike pamthunzi. Mawa nthawi yomweyo kayenera kukhala katalimba moti chikhadabo sichingalowe. Ngati kakufumbutuka, thumba lonselo liiwaleni. Ndipo ngakhale kalimbe, simenti wosefedwa ndi wa ntchito zopepuka, monga kukonza khonde kapena kumata ngalande ya madzi. Asayandikire lintala, mapilala, silabu kapena bimu yozungulira pamwamba pa khoma. Pansi pa zinthu zimenezo padzagona ana anu.

Ngati palibe kuchitira mwina koma kusunga, kasungidwe kake si kodula. Matumba asagunde pansi. Yalani pepala lapulasitiki lochindikala, pamwamba pake ikani mapaleti kapena matabwa okhazikidwa pa njerwa, kuti pakhale mpata wa masentimita 15 mpaka 20. Siyani mpata wa pafupifupi theka la mita kuchokera kukhoma. Mulu usapose matumba 10, ndipo matumbawo agundane kuti mpweya usamadutse pakati pawo. Fundani pulasitiki pamwamba ndi m'mbali, mazenera akhale otseka. Ambiri amaganiza kuti kutsegula mazenera kuti muzipita mphepo n'kothandiza, koma mphepo ya dzinja ndiyo imabweretsa chinyonthocho. Chipinda chomwe changoikidwa pulasitala kapena fulo chisakhale sitolo, chimatuluka nthunzi kwa masabata angapo.

Kusunga panja ndiye koipitsitsa, makamaka kuja kounjika matumba pa dothi n'kufunda pulasitiki wakuda pamwamba pokha. Masana dzuwa likawomba, nthaka imatulutsa nthunzi yomwe imakodwa mkati mwa pulasitikiyo, usiku imasanduka madontho n'kugwera pa matumba. Kwezani pepalalo mmamawa, mudzaona mkati mwake muli mame. Panja ndi pa simenti wa masiku awiri atatu, ali pa matabwa, basi. Komanso mukabweretsa watsopano musamuunjike pamwamba pa wakale, anyamata amatenga wapafupi, wakaleyo n'kumangokalamba pansi. Lembani deti ndi choko pa mulu uliwonse, woyamba kubwera ayambe kutha. Thumba lotsegulidwa limangidwe pakamwa, lilowe m'jumbo lalikulu, ndipo lithe mkati mwa masiku ochepa.

Kwa abale omwe muli ku Joni kapena ku Mangalande amene mumatumiza ndalama kumudzi, lekani kufunsa chithunzi cha mulu wa simenti ngati umboni woti ndalama zagwira ntchito. Ngati ntchito yomanga siyamba mwezi uno, gulani malata, zitsulo ndi mafelemu. Ngati mtima wanu uli pa simenti basi, mugule n'kuumbitsa mabuloko sabata yomweyo, athiriridwe madzi masiku 7, asanjidwe. Buloko likaumbidwa bwino likhoza kukhala panja dzinja lonse, ndipo chinyontho chomwe chikanawononga thumba chimangolilimbitsa.