Mayi mmodzi, maina anayi: maitanidwe aulemu ku Malawi, Zambia ndi Mozambiki

Tiyerekeze mayi wa mfunda wa Phiri amene anakwatiwa ndi a Banda, m'busa wa mpingo wa CCAP ku Dedza. Pa fomu ya kubanki ndi Mrs Banda basi. Kumudzi kwawo palibe angayerekeze kuwaitana choncho, kumeneko ndi a Naphiri mpaka tsiku lowaika m'manda, chifukwa ukwati susintha mfunda wa munthu. Apongozi awo amati make Chisomo, potengera mwana woyamba. Kutchalitchi ndi Mayi Busa, ndipo dzinalo limabwera ndi ntchito yake: kukhala patsogolo pa amayi a chigwirizano, kuyendera odwala, kulangiza atsikana. Mrs amangotiuza kuti mayiwa ali pabanja ndi mwamuna wakuti. Maina enawo amatiuzanso za woitanayo, ngati ndi mbale, mpongozi kapena mkhristu.

Mukadutsa pa Mwami kulowa ku Chipata, kusiyana n'kochepa. "A" wa ulemu ndi yemweyo, abusa a mpingo wa RCZ ndi Abusa, wansembe wa Katolika ndi Abambo monga ife timati Bambo Mfumu. Zinthu zimatembenuka mukafika ku Lusaka, kumene Chinyanja cha m'tauni chinabwereka "ba" wa Chibemba. Woyendetsa minibasi ndi ba dalaivala, mkulu ndi ba mudala, ndipo mayi athu aja angamve akuitanidwa kuti ba Mrs Banda. Chondisangalatsa n'chakuti anzathuwa anaona kuti Mrs payekha ndi wosakwanira, namuveka "ba" patsogolo. Koma "ba" ameneyu amagwera aliyense, kondakitala ndi bishopu yemwe, motero salekanitsa misinkhu monga timachitira ife tikamasankha pakati pa achimwene, bambo ndi agogo. Kwathu bishopu wa Katolika timati Ambuye, ndipo wonena kuti "bambo Msusa" potchula arkibishopu wa Blantyre amayang'anidwa ndi tchalitchi chonse.

Ku Tete ndi ku Angonia n'kumene Mmalawi amadzidzimuka. Chipwitikizi chimalola kuika Dona kapena Senyoro patsogolo pa dzina loyamba, moti mayi wachikulire amaitanidwa kuti Dona Maria muofesi popanda wokhumudwa. Kwathu kutchula dzina la ubatizo la munthu wa msinkhu wa mayi ako ndi mwano, uike "a" kapena usaike. Komabe kumidzi ya m'malire, kufupi ndi Lizulu ndi Tsangano, anthu akasiya Chipwitikizi amabwerera ku a Nangozo ndi a Nambewe ngati ife tomwe.

Pa mafumu ndi pomwe Mr ndi Mrs amagweratu. Munthu akalongedwa ufumu amalowa dzina, lake lobadwa nalo limatsala m'nyumba. Theresa Kachindamoto anagwira ntchito ya usekilitale kwa zaka 27 pa koleji ina ku Zomba, koma atalowa ufumu ku Dedza anakhala Inkosi Kachindamoto, dzina losasamala kuti wakhala pampandoyo ndi mkazi kapena mwamuna. Ku Malawi makwerero ake ndi odziwika: nyakwawa, gulupu, mfumu yaikulu imene ambiri amati Gogo Chalo, mpaka mfumu ya mafumu monga Lundu ndi Gomani. Pamaliro woyendetsa mwambo amayenera kuwadziwa bwino. Oyankhula amayambira pansi kukwera, mwini mbumba, nyakwawa, kenako gulupu, ndipo akatchula gulupu ngati nyakwawa wamba, mlandu wake umatha ndi nkhuku kapena ndalama ya chipepeso.

Ku Zambia ulemu wa mafumu aakulu umamveka mokweza kuposa kwathu. Ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba m'mwezi wa Ogasiti, khamu limafuula kuti "Yoo Gawa!" kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mafumu a Achewa ochokera m'maiko onse atatu amagwada chimodzimodzi. Angoni a Mpezeni ku Mtenguleni amati "Bayete", monganso a Gomani ku Ntcheu. Mozambiki ndiye inadutsa njira ina. Dzikolo litalandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo linakankhira mafumu pambali powaona ngati atumiki a Apwitikizi, aliyense n'kusanduka kamarada, ndipo linawazindikiranso mwalamulo mu 2000. Pakamwa pa anthu a kumudzi, mfumu inakhalabe mfumu zaka zonsezo.

Pa mitundu itatu ya maitanidweyi, wa ku Lusaka ndi wosavuta kwa mlendo, chifukwa ndi "ba" sungalakwitse kwambiri. Wa kwathu ndi wovuta, koma ndi umene ndimaukonda, pakuti umakukakamiza kuyamba wafunsa kuti munthuyu ndi yani usanatsegule pakamwa. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi m'matchalitchi atsopano a m'tauni, ku Lilongwe ndi ku Lusaka komwe, kumene agogo a imvi akuitana mneneri wa msinkhu wa mdzukulu wawo kuti Papa kapena Adadi, iye n'kumawayankha powatchula dzina loyamba.