Akuti anavomera yekha, koma anavomera bwanji?

Anthu ambiri kuno ku Nkhotakota amaganiza kuti ukangouza majisitireti kuti "anandimenya ndiye ndinavomera", sitetimenti ya kupolisi ija imatayidwa pomwepo. Ku Malawi kuno sizili choncho.

Gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni limati khoti lilandire umboni woti munthu anavomera mlandu, ngakhale iye akudandaula kuti anachita kumukakamiza. Pomwe gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limaletsa kukakamiza munthu womangidwa kuti avomere mlandu. Maloya akhala akukokana pa ziwirizi, koma khoti lalikulu la apilo, pa mlandu wa Bokhobokho, linasiya gawo 176 likugwirabe ntchito.

Ndiye loya amene amathera mpweya wake wonse kupempha kuti pepalalo lisalowe n'komwe, kwa ine akuponya khoka pouma. Nkhondo yeniyeni ili m'munsi mwa gawo lomwelo: khoti silingagwiritse ntchito sitetimentiyo pokhapokha litakhutira popanda chikaiko kuti woimbidwa mlandu ndiye anayankhula mawuwo, ndiponso kuti zomwe zalembedwazo ndi zoona. Likapanda kukhutira, pepalalo silikhala ndi mphamvu iliyonse.

Tiyerekeze mnyamata wina wam'gombe akuimbidwa mlandu woba injini ya boti. Sitetimenti ikuti anaiba usiku, anaikwirira mumchenga, kenako anakagulitsa ku Dwangwa. Apa loya afunse wapolisi wofufuza uja: kodi injiniyo inapezeka? Wogulayo ali kuti? Pamalo okwirirawo munapitapo? Ngati palibe chilichonse kunja kwa pepalalo chotsimikizira nkhaniyo, boma latsala ndi mawu okhaokha. Afunsenso tsiku lomwe anamangidwa ndi tsiku lomwe anasaina kapena kudinda chala. Munthu amayenera kufikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48, ndiye ngati anavomera atagona m'chitolokosi sabata yathunthu, majisitireti ayenera kumva chifukwa chake. Nanga ngati sadziwa kuwerenga, anamuwerengera ndani asanadinde?

Woimira boma nayenso ali ndi pake pogwira. Ngati mnyamatayo analondolera apolisi pamalo pomwe injiniyo inafukulidwa, nambala yake n'kufanana ndi ya palisiti ya mwiniwake, khoti likhoza kukhulupirira sitetimentiyo ngakhale mikwingwirima ikuoneka pamsana.

Apa ndi pomwe ine ndimasemphana ndi lamuloli. Limafunsa ngati mawuwo ndi oona, osati momwe anatulutsidwira, choncho womenya akapeza injini zake zayenda. Aphungu athu akanalikonza kuti umboni wopezeka ndi ndodo usamalowe n'komwe m'khoti.

Pakadali pano, m'bale wanu akamenyedwa ali m'manja mwa apolisi, adandaule tsiku loyamba lomwe waonekera pamaso pa majisitireti, aonetse mabala, apemphe kuti zilembedwe komanso kuti apite kuchipatala akatenge lipoti. Akadikira miyezi mabala atapola, woimira boma adzangoti nkhani ya kumenyedwayo waipeka ali pa rimandi.