Vidiyo ya 6 GB, kasitomala ali ku Lilongwe: ndimatumiza bwanji?

Ine ndimajambula maukwati kuno ku Blantyre, ndipo maganizo anga ndi akuti musanasankhe njira yotumizira fayilo yaikulu, yambani mwafunsa kasitomala kuti akaonera pa chiyani, komanso ngati ali ndi bandulo yokwanira.

Za imelo tisatayepo nthawi. Gmail imalola 25 MB basi, ndipo fayilo ikaposa pamenepo imakaikidwa pa Google Drive, munthu n'kulandira linki.

Mwezi watha ndinamaliza vidiyo ya 6 GB, eni ukwati ali ku Lilongwe. WhatsApp siikanatheka, chifukwa imalekezera pa 2 GB, ndiponso pokhapokha mutumize ngati Document. Mukaitumiza ngati vidiyo wamba imafinyidwa, nkhope za anthu n'kumaoneka mbuu. Webusayiti yotumizira mafayilo ya WeTransfer ndi yabwino poti wolandira safunika akaunti, koma yaulere siinyamula 6 GB, ndipo linki yake imafa pakangopita masiku ochepa. Kasitomala amene akudikira malipiro kuti agule bandulo adzaipeza itafa kale.

Google Drive ndiye inkakwana, poti amapereka 15 GB yaulere. Koma malowa ndi omwewo a Gmail ndi Google Photos, kotero akadzaza, maimelo amasiya kulowa. Chinanso, pa Share sankhani Anyone with the link ndi Viewer. Mukaiwala, kasitomala amangoona uthenga woti apemphe chilolezo, n'kuyamba kukuimbirani. Ine linki ndimayamba ndaiyesa pa foni ya munthu wina.

Chimene chinandibweza ndi masamu. 6 GB ndi mamegabiti pafupifupi 48,000. Netiweki ikamakweza pa 5 Mbps, ndi masekondi 9,600, kutanthauza maola awiri ndi mphindi 40, magetsi asazime, netiweki isagwe. Ine nditha 6 GB pokweza, iwonso atha 6 GB ina potsitsa. Zimandipweteka kuti banja loti landilipira kale liwonongenso ndalama kuti lione ukwati wake womwe.

Ndiye ndinapanga makope awiri. Ina ndinaichepetsa ndi pulogalamu ya HandBrake kufika pa 720p, inatsika pansi pa 2 GB, n'kupita pa WhatsApp ngati Document kuti aonere usiku womwewo. Yathunthu ndinaiika pa fulashi n'kutumiza pa basi. Apa chenjerani: fulashi yofomatidwa pa FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB ngakhale malo alipo ambiri. Ifomateni ikhale exFAT, koma koperani kaye zanu kwina chifukwa zonse zimafufutika. Ma TV ena akale sawerenga exFAT, ndiye ngati akaonera pa TV yotere, isiyeni fulashiyo pa FAT32 ndipo iduleni vidiyoyo pawiri, gawo lililonse lisafike 4 GB.

Kasitomala wa ku Joni kapena ku Mangalande amene ali ndi intaneti ya m'nyumba, ameneyo ndimamutumizira pa Drive, ndipo ndimakweza usiku netiweki ikapepuka.